Mpangankhani sadziwa za mawa: mafunso ndi mayankho pa kulemba dayale ya munthu wa m'nthano

Aphunzitsi ena a Chichewa ndi Chingerezi amakonda kupereka ntchito iyi kalasi ikamaliza kuwerenga nthano yaitali: sankhani mpangankhani mmodzi, mulembe tsamba limodzi la dayale yake pa tsiku limene moyo wake unakhota. Alembi a nthano nawo amachita zomwezo paokha, pofuna kumva mmene munthu amene akumuumba amayankhulira akakhala yekha. Ntchitoyi imaoneka yopepuka, koma masamba ambiri otere amagwa pa chinthu chimodzi. Wolemba anawerenga buku mpaka kumapeto, ndiye amaiwala kuti mpangankhani wake sanafikeko.

Kodi tsamba la dayale limasiyana bwanji ndi chidule cha nkhani?

Chidule chimalembedwa ndi munthu amene waima kunja kwa nkhani, akuona chiyambi ndi mathero nthawi imodzi. Dayale imalembedwa ndi munthu amene ali m'kati, usiku wa tsiku lomwelo, mawa lisanache. Amadziwa zimene waona ndi maso ake, zimene wamva ndi makutu ake, ndi zimene zinamuchitikira m'mbuyomo. Zimene anzake akunong'onezana kuseri sakuzidziwa, ndipo tsamba lotsatira la buku kwa iye kulibe.

Chinanso n'chakuti dayale ilibe womvera. Munthu sadziuza yekha dzina la mudzi wake, kapena kuti amalume ake ndi mlongo wa amayi ake. Mukaona tsamba layamba ndi kudzitchula dzina, zaka ndi kumene anabadwira, dziwani kuti wolembayo akulankhula ndi mphunzitsi wochonga, osati ndi mtima wa mpangankhani.

Pokhotera nkhani timapazindikira bwanji?

Ambiri amathamangira pampondachimera, pamene pali phokoso, imfa kapena ndewu. Nthawi zina m'pomwepo ndithu, koma kawirikawiri pokhotera pamabwera msangako, ndipo pamakhala phee. Funso lothandiza ndi ili: kodi ndi tsiku liti limene likadutsa, munthuyu sangathenso kubwerera ku moyo umene anali nawo dzulo lake?

Tengani Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara lomwe linatuluka mu 1933 ku Nkhoma. Bukuli linapambana mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Afirika, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa: ubwana wopulupudza, ulendo wokafuna ntchito kutali, kubwerera kwawo, kulowa ufumu, ndi kutembenuka mtima kukhala Mkhristu. Moyo wotere uli ndi mokhotera mungapo, ndipo wolemba dayale ayenera kusankha pamodzi. Ine ndikanasankha usiku umene nkhani ya ufumu yangomufika kumene, chifukwa pamenepo munthu amene mudzi ukudziwa mbiri yake yonse ayenera kuganiza zokaweruza milandu ya anthu omwewo. Tsiku lolongedwa ufumu lili ndi khamu ndi chisangalalo, koma mtima umakhala utagamula kale. Tsamba labwino limachokera pamene mtima udakali pawiri.

Alipo mabuku athunthu olembedwa mwa njira imeneyi oti munthu aphunzireko?

Alipo, ndipo la pafupi ndi ife ndi la Ferdinand Oyono wa ku Kameruni, lomwe linatuluka m'Chifalansa mu 1956, n'kudzatchuka m'Chingerezi ndi mutu wakuti Houseboy. Pafupifupi buku lonse ndi makope awiri a dayale ya Toundi, mnyamata amene anathawa kwawo n'kukakhala kwa wansembe wachizungu, Bambo Gilbert. Ndi kwa wansembeyo kumene anaphunzira kulemba, ndipo anatengera komweko chizolowezi chosunga dayale. Wansembeyo atamwalira pangozi, Toundi anakhala wantchito wa m'nyumba ya bwanamkubwa wa dera la Dangan.

Chofunika kuona ndi mmene Oyono anasanjira zinthu. Masamba oyambirira amatiuziratu kuti Toundi anafa, atathawira kudziko loyandikana nalo ali ndi mabala. Tikatero m'pamene timatsegula makope ake, n'kumupeza akunyadira ntchito yake yatsopano. Ife tikudziwa kumene njirayo ikupita, iye sakudziwa, ndipo ululu wonse wa bukuli umachokera pa kusiyana kumeneko. Ngakhale pokhotera pake sipakhala mfuti kapena mfuu. Tsiku lina akutumikira bwana wake kubafa, anaona kuti munthu amene dera lonse limamuopa ndi wosadulidwa, chinthu chimene kwao kwa Toundi chimamuika mwamuna m'gulu la ana. Mantha ake anathera pomwepo. Toundi akulemba zimenezi ngati chodabwitsa cha tsikulo, osadziwa kuti wantchito amene waleka kuopa, amenenso maso ake aona zambiri m'nyumba ya bwana, moyo wake uli pachiswe.

Nanga ngati mpangankhani sadziwa kulemba?

Funsoli ndi lenileni, chifukwa anthu ambiri a m'nthano zathu zakale anakula sukulu za mishoni zisanafale. Okonkwo wa mu Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la mu 1958, sanagwirepo cholembera. Pa ntchito ya m'kalasi timangogwirizana kuti tsambalo ndi mawu a mumtima mwake, ngati kuti akudziyankhula ali gone pamphasa. Koma kugwirizana kumeneko kuli ndi malire. Tikhoza kumubwereka cholembera, koma sitingamubwereke khalidwe la munthu wina.

Onani usiku umene Okonkwo wabwera kuchokera kokapha Ikemefuna, mnyamata amene anakhala pakhomo pake zaka zitatu n'kumamutchula kuti bambo. Achebe amatiuza kuti Okonkwo anatha masiku awiri osadya. Wophunzira wachifundo amafuna kumulembera tsamba la misozi ndi kulapa. Koma Okonkwo ndi munthu amene moyo wake wonse akuthawa kuoneka wofooka ngati bambo ake. Pa tsamba lake angadzikalipire chifukwa chonjenjemera, angakambe za zilazi ndi ntchito imene ikanamutangwanitsa, koma mawu akuti ndalakwa sangatuluke. Amene akufuna kulemba chisoni chosabisa asankhe Nwoye, mwana wake, amene tsiku lomwelo chinthu china chinaduka mumtima mwake, ndipo patsogolo anadzasiya njira za bambo ake. Kusankha mwini dayale ndi theka la ntchito.

Tingaone chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Tiyeni tipeke nthano yathuyathu, tiiike ku Kasina, m'boma la Dedza. Kumeneko kuli parishi ya Akatolika, chipatala cha mishoni, ndiponso nyumba imene anyamata ofuna unsembe amakhalako chaka cha mapemphero asanapitirire ndi maphunziro a kuseminale yaikulu. Mpangankhani wathu ndi mmodzi wa anyamata amenewa, wochokera m'mudzi wina wa Achewa chakufupi komweko. Tamusankha dala, chifukwa munthu wotere ali ndi kope, ali ndi nthawi ya chete, ndiponso anazolowera kusanthula mtima wake madzulo. Amalume ake, amene anali nyakwawa ya mudzi wokhala ndi mzinda, amwalira. Mwa mwambo wa Achewa ufumu umatsata mbumba, umagwera mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo amayi akuluakulu a m'banjamo ndiwo amakhala ndi mawu posankha. Asankha iyeyo. M'mutu womaliza wa nthano yathu adzasiya za unsembe n'kulowa ufumu, koma usiku uno sakudziwa zimenezo.

Tsamba lofooka limamveka chonchi:

"Lero ndi tsiku limene lasintha moyo wanga wonse. Ine ndine mnyamata wophunzira za unsembe ku Kasina. Amalume anga, amene anali mfumu ya mudzi wathu, amwalira, ndipo ndili ndi chisoni chachikulu. Ndili pamphambano pakati pa chikhulupiriro ndi chikhalidwe. Ndikudziwa kuti pamapeto pake ndidzasankha anthu anga."

Chichewa chake chilibe vuto, koma m'menemo mulibe munthu. Tsopano nali tsamba lina la usiku womwewo:

"Lachitatu, 17 Juni, usiku.

Ndabwerako. Ndatsika minibasi pa Linthipe dzuwa litapendeka, ndakwera kabaza, koma tili pakati panjira ndamuuza mnyamatayo kuti kotsalako ndiyenda pansi. Sindimafuna kufika msanga. Zala zauma ndi kuzizira, cholembera chikuchita kupulumuka.

Amalume tinawaika dzulo. Mwambo unayenda bwino. Gule atatulukira ine ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe, korona ili m'thumba.

Lero m'mawa ndikulongedza chikwama anandiitanira kuseri kwa nyumba. Ndinapeza agogo, amayi ndi amayi aang'ono atakhala pamphasa. Amayi anagwada. Anati, 'Mwadzuka bwanji, bambo?' Ndinacheuka kuti mwina kumbuyo kwanga kukubwera munthu. Chibadwire amayi sananditchulepo kuti inu. Pa Pasaka pomwepa anandikalipira kudimba kuti iwe, mbatata sakumba ndi Baibulo.

Agogo anati mudzi sugona wopanda mwini, ndipo maso a mbumba ali pa ine. Anati adikira mpaka mvula yoyamba. Ndinayankha kuti ndamva. Sindinati inde, sindinati ayi.

Palibe chovuta. Achimwene a kwa amayi aang'ono alipo, ndi aakulunso kwa ine, mowawo akhoza kusiya. Ndiimba foni Lamulungu, ndiwafotokozera bwinobwino, amvetsa. Ine njira yanga ndinasankha kale.

Pa mapemphero a madzulo pakamwa pamayankha nawo, koma m'mutu ndimawerenga mabanja a m'mudzi mwathu. Ndinafika pa 31, ndinakumbukira kuti ndasiya a kutsidya kwa dambo, ndinayambiranso. Mbatata ya amalume ifunika kukumba mwezi wamawa, ndipo malire a kumunsi aja anthu ayambanso kuwakankha. Izo sizikundikhudza.

Bambo anandifunsa pakhomo la tchalitchi kuti kumudzi kuli bwanji. Ndinati kuli bwino. Ndiwauza mawa. Kapena Loweruka.

Amayi andiikira nyemba m'chikwama osandiuza. Belu lalira."

Chasintha n'chiyani kwenikweni pakati pa masamba awiriwa?

Choyamba, mnyamata wa tsamba lachiwiri sakudziwa kuti tsikuli ndi pokhotera. Akuchita kukana kumene. Akunena kuti palibe chovuta, njira anasankha kale, za malire a dimba sizikumukhudza. Koma owerenga akuona munthu amene watsika kabaza kuti achedwe kufika, amene akuwerenga mabanja nthawi ya mapemphero, amene walephera kuuza wansembe zoona. Zimene akunena ndi zimene akuchita zikutsutsana, ndipo mathero a nthano akuonekera pa mpata umenewo popanda iye kuwatchula. Apa m'pamene pagona luso lonse la dayale yopeka. Mlembi amadziwa za mawa, koma amazilowetsa kudzera m'zimene mpangankhani walephera kubisa, osati m'zimene walengeza.

Chachiwiri, nkhani yaikulu yafika kudzera m'kanthu kakang'ono. Tsamba loyamba likuti chikhulupiriro ndi chikhalidwe, mawu oyenera pa mayeso pofotokoza mfundo zazikulu za buku. Palibe munthu amene amadzilembera mawu otere usiku wobwera kumaliro. Chimene chimamukhala pamtima ndi mayi ake omubereka atagwada, akumupatsa moni wa ulemu. Mchewa aliyense akudziwa kulemera kwa kusintha kumeneko, ndipo sitifunika kumufotokozera kuti ufumu wayamba kale kumutalikitsa ndi amayi ake. Ndimaona kuti alembi achinyamata amaopa kudalira kanthu kamodzi kotere, amaganiza kuti n'kochepa, ndiye amakakwirira ndi ndime yofotokozera. Kasiyeni kaime pakokha.

Chachitatu, mawu akuti chisoni sakupezeka paliponse, ngakhale munthuyu waika amalume ake dzulo. Za maliro walemba ziganizo zitatu zokha, zouma. Si kuti alibe chisoni. Munthu amene chinthu chamukulira amachidutsa mothamanga, n'kukachedwa pa zazing'ono monga kuzizira kwa zala ndi nyemba za m'chikwama. Kutalika kwa ndime iliyonse kukutsata zimene mtima wa mnyamatayo ukutha kupirira, osati kufunika kwake m'chidule cha buku.

Onaninso kathedwe kake. Tsambali silinathe chifukwa nkhani yatha, latha chifukwa belu lalira. Dayale yeniyeni imadulidwa ndi tulo, kandulo yotha, kapena munthu wogogoda. Ikatha ndi phunziro kapena mwambi womanga zonse pamodzi, yasanduka chimangirizo.

Kodi wolemba ali ndi ufulu wowonjezera zimene m'buku mulibe?

Ali nawo, ndipo popanda kuwonjezera tsambalo lingangobwereza buku. Koma zowonjezera zikhale za m'mipata imene mlembi wa buku anasiya: chimene munthuyo anadya kapena kukana kudya usikuwo, kumene anakhala, fungo la m'nyumba, munthu amene anamupewa panjira. Zimene buku lanena sizisinthidwa. Ngati buku likuti mpangankhani sanapezeke pamsonkhano wina, dayale yake singafotokoze zimene zinayankhulidwa kumeneko, pokhapokha atanena amene wamuuza, ndipo mwina wamuuza mokhotetsa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa nthawi. Wolemba m'mawu a Nthondo sangatchule kwacha ndi tambala, chifukwa ndalama zimenezi zinayamba mu 1971, ndipo m'masiku a bukulo anthu amawerenga mapaundi, masheleni ndi makobiri. Sangatchule dziko kuti Malawi monga tichitira lero, pakuti dzinali linakhala la dziko mu 1964, kale kunali Nyasalande. Sangakwere minibasi, sangaimbe foni. Ngakhale deti lapamwamba pa tsamba lifunika kuliganizira. Mnyamata wa ku Kasina akhoza kulemba 17 Juni chifukwa amakhala ndi kalendala ya mpingo tsiku ndi tsiku. Munthu wa m'mudzi wa kale angadziwe nthawi ndi mwezi wa kumwamba, ndi kupsa kwa tchire, kapena ndi masiku amene apita chichitikire maliro.

Malo nawo ali ndi zoona zake. Mwezi wa Juni kumapiri a Dedza kumazizira kwambiri, chimanga chili kale m'nkhokwe, ndipo ntchito yatsala kumadimba. Mukalemba kuti mnyamatayo wafika thukuta lili kamukamu, akudutsa m'minda ya chimanga chobiriwira, wowerenga wa ku Linthipe atseka bukulo.

Chichewa chake chikhale chotani?

Chikhale cha munthuyo, osati cha wolemba. Musanayambe, bwererani m'buku mukawerenge malo onse amene mpangankhaniyo akuyankhula yekha ndi pakamwa pake. Onani ngati ziganizo zake ndi zazitali kapena zoduka, ngati amaponya miyambi kapena ayi, ndiponso mmene amatchulira anthu omuzungulira. Mnyamata wathu akuti agogo, amalume, Bambo, ndipo sangatchule akuluakuluwa maina ngakhale m'kope limene palibe adzaliwerenge, chifukwa ulemu umenewu uli m'magazi, si wochitira anthu oonerera. Mawu a nzeru zakale amene ali pa tsamba lake, akuti mudzi sugona wopanda mwini, atuluka pakamwa pa agogo. Akanawanena yekha mnyamata wa zaka 20, tikanamva kuti wolemba akufuna kuonetsa kuti amadziwa Chichewa chakuya.

Nthawi ya aneni nayo imathandiza. Zimene zangochitika kumene zimalembedwa kuti ndabwerako, ndatsika, belu lalira. Za m'mawa ndi za dzulo zimapita ku ndinapeza, anati, tinawaika. Tsamba lonse likakhala mu ndinapita, ndinaona, ndinamva, limamveka ngati munthu wokalamba akukumbukira zakale, ndipo kutentha kwa tsikulo kumazirala.

Ndikamaliza kulemba, ndingadziwe bwanji kuti tsamba langa lagwira?

Tengani cholembera chofiira, mudutse chiganizo chilichonse ndi funso limodzi: kodi munthuyu, usiku umenewu, akanadziwa zimenezi? Chilichonse chochokera m'mitu ya kutsogolo chichoke. Mawu monga sindinadziwe kuti, kapena kuyambira tsiku limenelo, ndi chizindikiro chodziwikiratu, chifukwa amanenedwa ndi munthu amene waona kale zotsatira.

Kenaka fufutani maina onse, mupatse tsambalo mnzanu amene anawerenga buku lomwelo. Akatha kunena mwini dayale ndi mutu wa buku umene tsikulo likupezeka, mawu a mpangankhani mwawapeza. Akanena kuti akhoza kukhala aliyense wa anthu atatu, bwererani ku malo amene munthuyo amayankhula m'buku, mukamverenso.

Pa utali, mawu 250 mpaka 400 amakwana pa tsiku limodzi. Tsamba likapitirira pamenepo, kawirikawiri ndiye kuti wolemba wayamba kufotokoza mitu ya m'mbuyo kuti aonetse kuti anawerenga. Ngati nkhani ikukanadi kukwana, ndi bwino kulemba masiku awiri, la pokhotera ndi lina patapita sabata, kusiyana ndi kutalikitsa limodzi. Kwa mnyamata wa ku Kasina, tsamba lachiwirilo lingakhale la Lamulungu limene analonjeza kuimba foni, ndipo funso loyamba limene mlembi ayenera kuyankha ndi lakuti anaimbadi kapena anapeza chifukwa china chozengerezera.